Kompyuta yomwe inkazima yokha dzuwa likalowa: lipoti la ntchito pa sitolo ina yotayipa makalata

Sitolo yomwe ndikufotokoza pano ili pa malo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa tala m'chigawo chapakati, pa mdadada wa zipinda zisanu zalendi zomwe zimagawana mita imodzi ya magetsi. Mwini wake ndi mayi wachikulire amene amatayipira anthu makalata ofunsira ntchito, mayeso a sukulu zoyandikana ndi malowo komanso mapulogalamu a maukwati ndi a maliro. Chuma cha ntchito yake yonse ndi kompyuta imodzi ya patebulo, sikirini yake, pulinta ya leza ndi makina a fotokope. Chipinda choyandikana nacho muli wometa tsitsi, kumapeto kwa mdadadawo kuli owotcherera zitsulo, ndipo kutsidya kwa msewu kuli chigayo.

Anandiitana koyamba m'mwezi wa Juni kompyuta itakana kuyaka. Ndinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinatsegula bokosi, ndinapeza kuti pawa sapulayi, chipangizo cholandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira ziwalo za kompyuta, yafa, ndinaikamo ina, kompyuta inayaka, ndipo ndinalandira malipiro anga n'kubwerera. Ndinayeza soketi ya pakhoma kamodzi kokha ndipo mita yanga yoyezera mavolti inaonetsa mavolti 228, zomwe zili bwino kwambiri poti magetsi a m'nyumba kuno kwathu amayenera kukhala mavolti 230. Mayiwo anandiuza kuti kompyutayo inali itayamba kale kuzima ndi kuyakanso yokha, koma ine ndinaganiza kuti chinali chizindikiro cha pawa sapulayi yomwe inali kupita kukufa, ndipo sindinafunse kuti zimenezo zinkachitika nthawi yanji pa tsiku. Apa ndiye panali kulakwa kwanga koyamba, ndipo kunawonongetsa mayiwo ndalama zambiri m'miyezi yotsatira.

Kuzima kuja sikunasiye. Mayiwo anagula ekisitenshoni yokhala ndi seji pulotekita, yomwe wogulitsa anawauza kuti imateteza ku vuto lililonse la magetsi, koma palibe chinasintha. Atandiimbira lamya ndinawalangiza, popanda kupitanso kukaona, kuti agule yupiesi yaing'ono, chipangizo chokhala ndi batire chothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akazima, ndipo anagula ya 650VA. Kwa milungu ingapo zinthu zinaoneka ngati zatheka, kungoti yupiesiyo inkalira kawirikawiri. Pofika mwezi wa Okutobala inali itasiya kugwira: magetsi akangophethira, kompyuta inkazima pamodzi ndi yupiesi yomwe. Tsiku lina madzulo inazima ali mkati mosunga mayeso a sukulu ina, fayilo inawonongeka, ndipo m'mawa mwake Windows inakana kutseguka bwino. Mawu awo pa lamya anali akuti, "Achimwene, zonse munandiuza ndinagula, nanga chikundivuta n'chiyani? Bwerani mudzakhale pano muone nokha, chifukwa m'mawa imakhala ngati yabwinobwino." Mawu akuti m'mawa imakhala yabwinobwino ndi amene ananditsegula maso.

Zomwe ndinapeza nditakhala tsiku lathunthu

Ndisanagwire waya uliwonse, ndinayamba ndafunsa kompyuta yomweyo. Windows imalemba nthawi iliyonse imene yayaka isanazimitsidwe mwadongosolo, ndipo mu Event Viewer cholembacho chimaoneka ndi dzina lakuti Kernel-Power ndi nambala 41. Nditakonza disiki ndi lamulo ili,

```
chkdsk C: /f
```

ndinasanja zolembazo potsata nthawi. Pafupifupi zonse zinali pakati pa 5 koloko ndi 8 koloko madzulo, ndipo zochepa zotsalazo zinali za masana pa masiku a msika. Kompyuta yodwala mkati, kaya ndi kutentha kapena memole yowonongeka, siyang'ana wotchi motero. Vuto lotsata nthawi ya tsiku kawirikawiri limachokera kunja kwa bokosi.

Ndinalumikiza mita pa soketi n'kumalemba m'kope mphindi makumi atatu zilizonse. Mpaka masana magetsi ankasewera pakati pa mavolti 222 ndi 230. Cha m'ma 3 koloko anatsika kufika 214. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kuyatsa mababu ndi mbaula zamagetsi m'nyumba za kuseri kwa msika, manambala anayamba kutsetsereka: 205, kenako 196, ndipo pokwana hafu pasiti sikisi mita inaima pa 183. Nthawi iliyonse chigayo chikamadzuka kapena owotcherera akagunditsa ndodo pachitsulo, babu la m'sitolomo linkafiira kwa kamphindi ndipo mita inkagwa mpaka m'ma 160 isanabwerere. Zipangizo zambiri za mavolti 230 zimapangidwa kuti zigwire bwino pakati pa 207 ndi 253. Pawa sapulayi yomwe ndinaika mu Juni inali ya mtundu wakale, uja wokhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, ndipo mtundu umenewu umayamba kulephera magetsi akatsika kupitirira pafupifupi mavolti 180. Kompyutayo tsono inkakhala m'mphepete mwa phompho madzulo aliwonse, ndipo chigayo chinkangoikankha.

Apa m'pofunika kuima pang'ono pa seji pulotekita ija, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pa kusamvetsa kumeneku. Mkati mwake muli kachipangizo kooneka ngati kandalama kachitsulo kokutidwa, kotchedwa varisita, komwe kamakhala chete magetsi akakhala abwinobwino. Kamayamba kugwira ntchito pokhapokha mphamvu ikalumpha mwadzidzidzi kufika mavolti mazana anayi kapena kuposerapo, monga zimachitikira mphenzi ikagunda pafupi ndi mawaya kapena mota yaikulu ikazimitsidwa, ndipo kamapatutsa kulumphako kusanafike pa kompyuta. Magetsi akatsika kufika 183, varisita ilibe chochita chilichonse, popeza siwonjezera ngakhale volti imodzi. Mayiwo anagula mankhwala enieni, koma a matenda ena.

Chomwe chinapha batire

Yupiesi yomwe ndinawalangiza inali ya mtundu wosavuta kwambiri, umene umangodutsitsa magetsi a pakhoma mmene alili, n'kulumphira pa batire ukaona kuti atsika kupitirira malire ake. Iyi inkalumphira pa batire magetsi akafika cha m'ma 190. Tanthauzo lake n'lakuti kuyambira cha m'ma 6 koloko, ngakhale babu linali loyaka ndipo aliyense ankaona kuti magetsi alipo, yupiesi inkaona ngati azima ndipo inkakoka batire mpaka kuligugitsa. Kulira kuja mayiwo ankakudandaula kunali kulira kwa chipangizo chomwe chikugwira ntchito yosakhala yake.

Mkati mwa yupiesi ya msinkhu umenewu mumakhala batire limodzi la mtovu la mavolti 12 lolembedwa 7Ah. Batire lotere limafuna maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuti lidzazenso likagugiratu, ndipo likasiyidwa lopanda moto kwa nthawi, mbale zake za mkati zimachita nkhungu yolimba yomwe sichokanso. Mayiwo, mwa chisamaliro chawo, ankazimitsa swichi ya pakhoma potseka sitolo cha m'ma 8 koloko, nthawi yomwe batire linali litangotha kumene. Linkagona lopanda moto usiku wonse, linkadzaza masana, n'kuguganso madzulo, tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa izi, yupiesi inali pansi pa tebulo, itapanikizidwa kukhoma ndi makatoni a mapepala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i m'nyengo yotentha. Batire la mtovu limakhala zaka zitatu mpaka zisanu pa kutentha kwa madigiri 25, ndipo moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri khumi. Nditalitulutsa linali litatupa m'mbali, ndipo ngakhale mita inaonetsa mavolti 12.4 lili lokha, nditalumikiza babu la galimoto linagwa nthawi yomweyo kufika pansi pa mavolti 9. Anzanga pa ntchitoyi asamakhulupirire batire poliyeza lopanda katundu, chifukwa batire lakufa limathanso kuonetsa nambala yokongola.

Ndinapezanso kuti pulinta ya leza inali yolumikizidwa kumbuyo kwa yupiesi. Pulinta yotere ili ndi chotenthetsera chomatira inki ya ufa pa pepala, ndipo ikamayamba kusindikiza imakoka mawati mazana ambiri mwakamodzi. Yupiesi yolembedwa 650VA imapereka mawati pafupifupi 360 okha, choncho pulinta ikadzuka yupiesi ili pa batire, zonse zinkagwa pamodzi.

Mbali ya vuto yomwe inali mkati mwa nyumba

Chinthu chimene ndimachiona kukhala posinthira nkhani yonseyi chinachitika mwangozi. Ndikusuntha bokosi la kompyuta, mkono wanga unakhudza chitsulo cha kumbuyo kwake ndipo ndinamva kunyerenyesa. Mayiwo anati zimenezo anazizolowera kalekale, moti anaika kansalu pamwamba pa bokosilo. Ndinayeza pa soketi pakati pa bowo la moto ndi bowo la efi, waya wachitetezo wopititsa magetsi otayika m'nthaka. Pamene efi ili bwino, nambala imeneyi imafanana ndi ya pakati pa moto ndi nyutulo, waya wobwerera magetsi, koma apa mita inkangoyendayenda m'munsi mwa 100. Ndinatsata waya wobiriwira wa efi mpaka kunja kuseri kwa mdadada, ndipo ndinapeza ndodo ya efi ili m'nthaka koma waya wake wa kopa utadulidwa kalekale, nsonga yake itachita dzimbiri lobiriwira. Mdadada wonse unalibe efi.

Kunyerenyesa kuja kumachokera mu pawa sapulayi momwemo. Muli timakapasita tosefa phokoso la magetsi tomwe timatayira mphamvu pang'ono kwambiri ku chitsulo cha bokosi, ndipo efi ikakhalapo mphamvuyo imapita m'nthaka munthu osaimva. Efi ikasowa, bokosi limatsala likuyandama pa pafupifupi theka la mavolti a pakhoma. Kunyerenyesako pakokha si koopsa, koma kumasonyeza kuti tsiku limene waya wa moto udzakhudze chitsulo mkatimo, fyuzi sidzaphulika, ndipo woyamba kugwira bokosilo ndiye adzakhale njira ya magetsiwo. Kusowa kwa efi kunalandanso seji pulotekita gawo lalikulu la ntchito yake, chifukwa kulumpha kwa mphamvu kochokera ku mphenzi kumafuna njira yopita m'nthaka.

Nditaona zimenezi ndinakayikira mawaya onse a m'nyumbamo, ndipo madzulo a tsiku lachiwiri ndinachita muyeso umene ndikanayenera kuyamba nawo. Fotokope ikugwira ntchito, ndinayeza pa bokosi la mabureka pafupi ndi mita ndipo ndinapeza mavolti 197, pamene pa ekisitenshoni ya kompyuta, mphindi yomweyo, panali 183. Mavolti 14 ankatayika mkati mwa mdadada. Ena ankathera pa waya wopyapyala wa ekisitenshoni yachikale yomwe inkanyamula sitolo yonse kuchokera pa soketi imodzi, ndipo ena pa sikuluwu ya nyutulo m'bokosi la mabureka, yomwe inali yokhwepa ndi yakuda ndi kutentha, pulasitiki yozungulira itayamba kusungunuka.

Zomwe tinaganiza kuchita, ndi zifukwa zake

Mayiwo ankafuna kuti tsiku lomwelo tikagule sitebilaiza. Ndinawapempha kuti tiyambe ndi mawaya, popeza sitebilaiza ikamakweza magetsi otsika imakoka mphamvu yochuluka kuchokera kukhoma, ndipo ikanangowonjezera kutentha pa sikuluwu yokhwepa ija. Ntchito ya m'bokosi la mabureka ndi ya efi si yanga, choncho tinalankhula ndi mwini nyumba, amene poyamba anakana, koma ataona pulasitiki yosungunukayo ndi maso ake anavomera kuitana wamagetsi wokhala ndi chiphaso. Iye anamanganso nyutulo, analumikiza waya watsopano ku ndodo ya efi n'kuubisa m'paipi kuti usadulidwenso, ndipo anakoka soketi ziwiri zatsopano ndi waya wa 2.5mm², ina ya kompyuta ndi ina ya pulinta ndi fotokope. Kukonza kokhaku kunakweza magetsi a madzulo pa soketi ya kompyuta kufika cha m'ma 195, ndipo kunyerenyesa kunatheratu.

Mavolti 195 anali akadali otsika, ndipo chigayo chinali chikadali kutsidya kwa msewu, choncho sitebilaiza inafunikabe. Chipangizochi ndi thiransifoma yokhala ndi nthambi zingapo, ndipo timaswichi ta mkati timasankha nthambi yoyenera kuti magetsi otuluka akhale pafupi ndi mavolti 220, kaya olowa atsika kapena akwera. Yomwe tinasankha imalandira kuyambira mavolti 140 mpaka 260. Ndinayeza kompyuta ndi sikirini pamodzi ndipo zinkakoka mawati 110 mpaka 140, kuphatikizapo pang'ono pa kutchaja batire. Papepala sitebilaiza ya 500VA ikanakwana, koma nambala yolembedwa pa bokosi imakhala yoona pokhapokha magetsi olowa ali pafupi ndi abwinobwino, ndipo akatsika kwambiri mphamvu yomwe ingathe kunyamula imatsika mpaka cha pa theka. Pa chifukwa chimenechi tinagula ya 1000VA, yoti inyamule kompyuta yokha.

Yupiesi sitinaitaye, tinangoisinthira batire. Munthu amene akugula koyamba pa malo ngati amenewa ndingamulangize yupiesi yokhala ndi sitebilaiza yaing'ono mkati mwake, yomwe imakweza magetsi popanda kukhudza batire, koma mayiwo anali atawononga kale ndalama zokwanira, ndipo sitebilaiza yapayokha imafika pansi kwambiri kusiyana ndi zambiri za mkati mwa yupiesi zotsika mtengo. Ndondomeko ya kulumikiza inakhala yotere: pakhoma seji pulotekita, pambuyo pake sitebilaiza, kenako yupiesi, ndipo kumbuyo kwa yupiesi kompyuta ndi sikirini basi. Seji pulotekita ili patsogolo kuti kulumpha kwa mphamvu kukumane ndi chipangizo chotsika mtengo chisanafike pa zodula. Sitebilaiza ili patsogolo pa yupiesi kuti yupiesi izilandira magetsi okonzedwa kale ndipo batire lizisungidwira kuzima kwenikweni. Kuzitembenuza, kuika sitebilaiza kumbuyo kwa yupiesi, ndi kulakwa komwe ndakuonapo m'maofesi angapo: batire limangogugabe madzulo aliwonse, ndipo thiransifoma imalira ndi kutentha chifukwa magetsi otuluka m'yupiesi zotsika mtengo zikakhala pa batire si osalala ngati a pakhoma. Pulinta ndi fotokope zinapita pa soketi yawoyawo ndi seji pulotekita yachiwiri, ndipo tinagwirizana kuti ntchito zazikulu za fotokope zizichitika dzuwa lisanapendeke mpaka padzapezeke ndalama ya sitebilaiza yaikulu.

Sitebilaiza ndi yupiesi tinazikweza pa kashelefu, kutali ndi makatoni, mphepo ikudutsa mbali zonse. Mu BIOS, momwe muli zosankha za kompyuta Windows isanatseguke, ndinasintha Restore on AC Power Loss kukhala Power Off, kuti kompyuta isamadziyatse yokha magetsi akangobwera, nthawi yomwe amakhala asanakhazikike. Batire litadzaza usiku wonse, ndinazula pulagi pakhoma kompyuta ili mkati mwa ntchito, wotchi ili m'manja, ndipo inakhala mphindi 11 isanayambe kulira mofulumira. Pochulukitsa 12 ndi 7 munthu amapeza 84 n'kuganiza kuti katundu wa mawati 130 akhala mphindi zoposa makumi atatu, koma 7Ah ija imayezedwa pokoka pang'onopang'ono kwa maola 20, ndipo batire likakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa kwambiri. Ndinalemba pa pepala n'kumata pakhoma kuti yupiesi ikalira magetsi atazima, asunge ntchito ndi kuzimitsa kompyuta pasanathe mphindi zisanu, osayembekeza kuti batire lithe.

Panali mfundo imodzi yomwe inafuna kukambirana mofatsa, yokhudza kuzimitsa pakhoma usiku. Kuzula pulagi ndi chitetezo chokhacho chodalirika ku mphenzi yogunda pafupi, koma batire lomwe lagwira ntchito liyenera kudzazidwa msanga. Tinagwirizana kuti tsiku limene magetsi sanazime azizula pulagi potseka, tsiku limene batire lagwira ntchito azisiya yupiesi ikutchaja kompyuta ili yozimitsa, koma kumwamba kukachita mdima ndi kugunda azizula zivute zitani, n'kudzatchaja m'mawa.

Zomwe zinachitika pambuyo pake

Sabata yoyamba panatuluka kavuto kamodzi kochokera pa chisankho changa. Sitebilaiza ili ndi batani lolembedwa Delay, losankhira kuti idikire masekondi ochepa kapena mphindi zitatu isanatulutse magetsi akabweranso. Ndinali nditasankha mphindi zitatu, monga timachitira ndi firiji. Koma pamalopo magetsi amakonda kuphethira kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo kuphethira kulikonse kunkasanduka mphindi zitatu za pa batire. Kudikira kwautali kumateteza kompuresa ya firiji, pomwe kompyuta yokhala ndi yupiesi sikukufuna, choncho ndinabwezera pa masekondi ochepa ndipo kulirako kunachepa nthawi yomweyo.

Ndinabwereranso patatha mwezi n'kutsegula Event Viewer. Panalibe cholemba chatsopano cha nambala 41 kuyambira tsiku lomwe tinamaliza ntchito. Madzulo sitebilaiza imamveka ikuthetheka chigayo chikamadzuka, singano ya magetsi olowa ikugwa pomwe ya otuluka ikungogwedezeka pang'ono pafupi ndi 220, ndipo yupiesi imakhala chete.

M'mwezi wa Januwale, masana ena kukugwa mvula yamphamvu, mphenzi inagunda pafupi ndi msika sitolo ili yotsegula, mayiwo asanafike pozula pulagi. Kompyuta inapitiriza kugwira ntchito pa batire ndipo anaizimitsa bwinobwino, koma magetsi atabwera, kanyale kosonyeza chitetezo pa seji pulotekita ya kompyuta kanali katazima ngakhale mabowo ake ankatulutsabe moto. Nditaitsegula ndinapeza varisita itang'ambika pakati, mwaye uli mkati mwa chivundikiro, ndi kafyuzi kake ka kutentha katadula. Mayiwo anafunsa ngati angapitirize kuigwiritsa ntchito poti inkayatsabe zinthu. Ndinawafotokozera kuti tsopano yasanduka ekisitenshoni wamba yopanda chitetezo chilichonse, ndipo tinagula ina tsiku lomwelo, pamodzi ndi yosinthira ya pa fotokope, popeza varisita imafooka ndi kugunda kulikonse ngakhale isanaonetse chizindikiro. Wometa tsitsi wa chipinda choyandikana, yemwe wailesi yake ya kanema inali pa soketi yopanda chotetezera, anaitengera kwa okonza sabata yomweyo.

Batire lomwe tinaika mu Okutobala ndinaliyezanso patatha miyezi isanu ndi umodzi ndi katundu yemweyo, ndipo linapereka mphindi 10. Tsiku lomwe linaikidwa ndinalilemba ndi cholembera chosafufutika pamwamba pa yupiesi, ndipo tinapangana kuti muyeso wozula pulagi uzichitika miyezi itatu iliyonse, batirelo lidzasinthidwe likadzayamba kupereka zosakwana mphindi zisanu. Fotokope ikadali yopanda sitebilaiza, ndipo madzulo a masiku a msika imakanabe kutenthetsa msanga.